Chaputala cha mawu 11,400, magazini ikufuna 3,000: ndichotsenso chiyani?

*Aphunzitsi, ndinamaliza digiri ya masitazi ya zaumoyo chaka chatha. Chaputala chachinayi cha thesisi yanga, chokhudza ana amene salandira katemera wachiwiri wa chikuku, chili ndi mawu 11,400 ndi matebulo 14. Magazini ya kafukufuku imene ndikufuna kutumizako ikuti mawu asapitirire 3,000, matebulo ndi zithunzi zisapitirire 5, zolembedwa za ena zotchulidwa zisapitirire 30. Ndakhala ndikufufuta kwa milungu itatu koma ndaima pa 7,800, ndipo chilichonse chotsala ndikuchiona chofunika. Chaputalacho ndakutumizirani. Ndichotsenso chiyani?*

Achemwali, lekani kufufuta. Fayilo ya mawu 7,800 ija muitseke, muisunge bwinobwino, kenako mutsegule tsamba loyera. Ndikudziwa kuti mawuwa ndi owawa kwa munthu amene wathera milungu itatu pa ntchitoyi, koma njira mwatengayo siikakupatsani pepala lenileni. Ine ndinaiyendapo. Pepala langa loyamba ndinalipanga chonchi, kudula chiganizo apa, ndime apo, kwa miyezi iwiri, mpaka chiwerengero cha mawu chinakwana. Mkonzi wa magazini ina anandibwezera patangotha masiku anayi, osalitumiza n'komwe kwa akatswiri oliunika. Kalata yake inali ya mizere iwiri. Akuti ntchito ikuoneka kuti inagwiridwa, koma sakuona chimene pepalalo likunena. Ndinakwiya sabata yathunthu. Nditaliwerenganso mtima utatsika, ndinapeza kuti munthuyo sananame. Chinali chaputala chomwe chija, changowonda chabe.

Nkhani yagona pa munthu amene mukumulembera. Thesisi munalembera oyesa mayeso, anthu amene anapatsidwa ntchito yoiwerenga mpaka kumapeto, ndipo iwo amafuna umboni woti ntchito mukuidziwa: munawerenga mokwanira, munaganizira njira zosiyanasiyana, ndipo funso lililonse limene munafunsa amayi a anawo pa kafukufuku wanu munaliwerengera. N'chifukwa chake chilichonse chotsala mukuchiona chofunika. Kwa oyesawo n'chofunikadi. Koma wowerenga pepala palibe wamukakamiza. Ndi mkonzi amene mapepala ena amuunjikira, kapena mkulu woona za katemera ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma amene ali ndi mphindi khumi asanalowe mumsonkhano. Za khama lanu alibe nazo ntchito. Akufuna chinthu chimodzi chimene sankachidziwa, ndi chifukwa chomveka chochikhulupirira.

Palinso masamu amene simunawaone. Chaputala chachinayi chili ndi zotsatira ndi matanthauzo ake basi. Pepala limafunanso mawu oyamba ndi njira za kafukufuku, zimene mu thesisi zili m'machaputala atatu oyambirira. Magazini ambiri a zaumoyo amatsata zigawo zinayi, zimene pa tsamba lawo la malangizo mudzaziona zitalembedwa Introduction, Methods, Results ndi Discussion. Mawu 3,000 anuwo ine ndingawagawe motere: mawu oyamba 400, njira 750, zotsatira 750, kutanthauzira 1,000, ndi 100 otsekera. Ndiye kuti malo a chaputala chanu cha mawu 11,400 ndi mawu 1,850 okha. Pa mawu asanu ndi limodzi alionse, limodzi lokha ndi limene liwoloke. Zoterezi sizitheka pofufuta. Zimatheka posankha chotenga, ngati munthu amene akusamuka pa njinga. Muwerengenso malangizo a magaziniyo kuti muone ngati chidule cha pamwamba, matebulo ndi mndandanda wa zolembedwa za ena zikuwerengedwa mu 3,000 muja. Kawirikawiri siziwerengedwa, koma magazini amasiyana.

Pa tsamba loyeralo musayambe ndi mawu oyamba. Lembani chiganizo chimodzi, ngakhale m'Chichewa, chonena chimene munapeza. Chikhale chiganizo choti munthu angathe kuchitsutsa. Mukalemba kuti "kafukufukuyu anaunika zinthu zokhudza katemera wachiwiri wa chikuku", simunanene kanthu, mwangotchula mutu, ndipo palibe angakane.

Chaputala chanu ndachiwerenga kawiri, ndipo muli nkhani zitatu zogona m'nyumba imodzi, chifukwa thesisi inali ndi zolinga zitatu. Yoyamba ndi ya kuchuluka kwa ana amene analandira katemera wachiwiri pa zipatala zinayi zimene munachitirako kafukufuku. Yachiwiri ndi ya zinthu zimene zikuyenda limodzi ndi kulandira kapena kusalandira. Yachitatu ndi ya maganizo a alangizi a zaumoyo amene munacheza nawo. Pofufuta paja mumayesetsa kupulumutsa zonse zitatu, iliyonse n'kuichepetsa pang'ono, ndipo ndi pamene munaimira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndikuona kuti pepala lanu labisala mu Tebulo 4.13, kumapeto kwenikweni, kumene wowerenga amafika atatopa kale. Chiganizo chake ndi ichi: pa zipatala zinayi izi, ana amene m'buku lawo la kusikelo munalembedwa tsiku loti abwerere pa miyezi 15 ndi amene ankalandira kwambiri katemera wachiwiri, ngakhale titaganizira kutalika kwa mtunda, maphunziro a mayi ndi msinkhu wake.

Ndasankha chimenechi pa zifukwa zitatu. Umboni wake ndi wolimba kuposa wa zina zonse m'chaputalamo, chifukwa munachita kuona ndi maso m'bukumo, simunadalire zimene mayi akukumbukira. Ndi chinthu choti wina angachitepo kanthu mawa lomwe, popeza kulemba tsiku kumangofuna cholembera. Ndiponso si nkhani imene aliyense akuiyembekezera. Zoti katemera wachiwiri amalandiridwa ndi ana ochepa poyerekeza ndi woyamba mkonzi wa magazini ya zaumoyo anazimva kale, choncho chiwerengero chanu cha ana olandira chikhale poyambira nkhani, chisakhale nkhaniyo. Yesani chiganizochi pa mnzanu wa kuntchito nthawi ya tiyi. Akayamba kukutsutsani, kunena kuti mwina amayi akhama ndi amene amalembetsa tsikulo, dziwani kuti mwagwira chenicheni. Akangoti "chabwino" n'kupitiriza kumwa tiyi wake, bwererani mukachikonze.

Chiganizocho chikakhazikika, pitani ku matebulo, mawu adikire kaye. Ine ndimachita kuwasindikiza, kuwadula ndi sizasi, n'kuwayala pansi. Tebulo lililonse ndimalifunsa funso limodzi: nditakuchotsa, wowerenga aleka kukhulupirira chiganizo chija?

Tiyeni tiwayale anuwo. Matebulo 4.1 mpaka 4.5 akufotokoza za amayi ndi ana awo: msinkhu, maphunziro, banja, ntchito, mtunda wopita kuchipatala. Onse asanu akhale tebulo limodzi, Tebulo 1, la mizati iwiri, wina wa ana amene analandira, wina wa amene sanalandire. Tebulo 4.6, la kuchuluka kwa olandira, lili ndi nambala imodzi yofunika, ndipo nambala imodzi siifuna tebulo, imakwana m'chiganizo. Matebulo 4.7 mpaka 4.10, a mafunso oyesa zimene amayi akudziwa za chikuku, atsale, kupatula mzere umodzi wa malikisi onse pamodzi umene munaulowetsa m'masamu omaliza. Matebulo 4.11 ndi 4.12, ofananiza chinthu chimodzichimodzi pachokha, aphatikizidwe ndi 4.13 kuti akhale Tebulo 2: mzati woyamba usonyeze OR, nambala yoonetsa kulimba kwa mgwirizano wa chinthu ndi kulandira katemera, ya chinthu chili pachokha, wachiwiri OR titaganizira zinthu zinazo, iliyonse ndi 95% CI yake. Tebulo 4.14, la alangizi a zaumoyo, likadikire pepala lina.

Kenako pali chinthu chimene mu thesisi mulibe koma pepala likuchifuna. Pa tsamba lina mwalemba kuti munafunsa amayi 412, koma mu Tebulo 4.13 muli ana 375. Ndinachita kufufuza kuti ndipeze, m'kandime kena ka pakati, kuti 37 analibe buku la kusikelo. Wounika pepala akaona manambala awiri osiyana popanda kufotokoza, amayamba kukayikira china chilichonse. Jambulani chithunzi chosavuta cha mabokosi ndi mivi: ofikiridwa, okana, ofunsidwa 412, opanda buku 37, owerengeredwa 375. Pamenepa muli ndi matebulo awiri ndi chithunzi chimodzi. Magazini yalola zisanu, koma sinakulamuleni kudzaza malowo.

Apa ndichenjeze, chifukwa kusankha nkhani imodzi kuli ndi malire ake. Mu chaputala choyamba munalemba kuti mukuyembekezera kuti mtunda ndi umene ukulepheretsa amayi. Zotsatira sizinavomereze zimenezo, ndipo mzere wa mtunda mu Tebulo 4.13 sukuonetsa kusiyana kooneka. Mzere umenewo usachoke. Kuchotsa nkhani imene ili kunja kwa funso lanu ndi ukonzi, koma kuchotsa zotsatira zimene zili mkati mwa funsolo chifukwa sizikukoma ndi kubisa umboni. Chimodzimodzinso musalembe mawu oyamba ngati kuti kuyambira pachiyambi munkafufuza za tsiku lolembedwa m'buku. Nenani zoona zake: munayeza zinthu zingapo zimene munazitchula kale mu pulani ya kafukufuku, tsiku lobwerera linali chimodzi mwa izo, ndipo ndi limene laonekera. Munthu akayeza zinthu khumi ndi ziwiri, chimodzi chitha kuoneka chamtengo mwangozi chabe, ndipo wowerenga ayenera kudziwa kuti munayeza zingati kuti aweruze yekha.

Matebulo akakhala, gawo la zotsatira limalembeka msanga. Vuto la chaputala chanu ndi limene ndimaliona pafupifupi mwa wophunzira aliyense: pansi pa tebulo lililonse pali ndime yowerenganso tebulolo mzere ndi mzere, ngati kuti wowerenga alibe maso. Ndime zoterozo zokha zadya pafupifupi mawu 3,000. M'pepala, mawu amangoloza chala: nambala ya ana olandira, chimene chaonekera kwambiri mu Tebulo 2, ndi chimene munkayembekezera koma sichinaoneke. Zotsalazo tebulo likunena lokha. Mukonzenso zimene munangokopera kuchokera mu SPSS. Pulogalamuyi inakuonetsani .000 pamene nambala ya p inachepa kwambiri, ndipo mwailemba choncho katatu. Lembani p < 0.001. Maperesenti a manambala anayi pambuyo pa kadontho muwadule, imodzi yakwana. Ndipo m'gawo lino musalowetsemo maganizo. Mu chaputala munasakaniza zotsatira ndi matanthauzo ake ndime ndi ndime, choncho paliponse pamene chiganizo chayamba ndi "izi zikusonyeza kuti" kapena chatchula kafukufuku wa munthu wina, chinyamuleni chikadikire gawo la kutanthauzira.

Pa gawo la njira ophunzira amadula mobwerera: amasunga zopanda ntchito n'kutaya zofunika. Masamba anayi a chaputala chachitatu ofotokoza nzeru za akatswiri pa chimene kudziwa kuli, matanthauzo okopera m'mabuku a chimene kafukufuku wa nthawi imodzi ali, mbiri ya boma lonse ndi mitsinje yake, zonsezi zinali za oyesa mayeso. Wounika pepala amazidziwa kale kapena sazifuna. Chimene iye akufuna ndi choti wina atafuna kubwereza ntchito yanu athe kutero: munachitira kuti ndipo miyezi iti, zipatala zinayi munazisankha bwanji, mayi amalowa kapena kutsala pa mfundo ziti, chiwerengero cha anthu munachipeza motani, ndipo zinthu zolowa m'masamu omaliza munazisankha potsatira chiyani.

Koposa zonse, fotokozani matanthauzo a zinthu ziwiri zimene chiganizo chanu chaimirapo. Mwana "walandira" mukaona chiyani m'bukumo, ndipo pofika msinkhu uti? Mwana wa miyezi 16 amene sanalandire mwina wangochedwa, pamene wa miyezi 23 ndi nkhani ina. "Tsiku linalembedwa" mukutanthauza deti yeniyeni, kapena ngakhale mawu akuti abwere pa miyezi 15? Mu thesisi zimenezi zili mu zowonjezera za kumapeto, pa fomu ya mafunso. M'pepala zikwere pamwamba, ndipo musaumire mawu pamenepa. Musaiwalenso dzina la komiti imene inavomereza kafukufukuyo, kaya ndi COMREC kapena NHSRC, nambala ya chilolezo chake, ndi m'mene amayi anaperekera chilolezo chawo. Popanda zimenezi magazini ya zaumoyo siipita nalo patsogolo pepala. Kuti musadumphe kanthu, tsitsani mndandanda wa STROBE, umene uli ndi mfundo 22 zoyenera kupezeka mu lipoti la kafukufuku wongoona zochitika ngati wanuyu, muuike pambali polemba. Magazini ena amafuna kuti muutumize mutalemba tsamba limene mfundo iliyonse ili.

Mawu oyamba ndimawalemba chakumapeto, ndipo ndi pamene mtima umapweteka kwambiri, chifukwa chaputala chachiwiri chonse, chimene munachivutikira miyezi, chimasanduka ndime zitatu. Yoyamba inene vuto mwachindunji: kuno ku Malawi mwana amayenera kulandira katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndiponso pa miyezi 15, ndipo wachiwiriyu amabwera pa nthawi imene makatemera ambiri a ukhanda anatha kale. Musayambe ndi kutanthauzira chikuku kapena kuyendera makontinenti onse. Yachiwiri inene zimene ena apeza kale pa zifukwa zake ndi pamene pali mpata. Mpatawo ukhale weniweni. Kunena kuti "palibe anachitapo kafukufukuyu m'boma lino" n'kofooka, chifukwa maboma alipo 28 ndipo aliyense angathe kunena zomwezo za kwawo. Cholimba n'kusonyeza kuti zimene munawerenga zinayang'ana kwambiri kwa mayi, maphunziro ake ndi mtunda, pamene inu mwayang'ananso zimene wogwira ntchito pachipatala amachita ndi buku lija. Ndime yachitatu ndi cholinga, m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri.

Pa zolembedwa za ena 140 za mu thesisi, zimene zikuchirikiza ndime zimenezi ndi gawo la kutanthauzira n'zimene zitsale, ndipo mudzadabwa kuti 30 n'zokwana. Koma musanatseke mndandanda, fufuzaninso pa PubMed ndi pa AJOL, pamene pamapezeka magazini a mu Africa kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Chaputala chachiwiri munachilemba zaka ziwiri zapitazo, ndipo wounika pepala lanu akhoza kukhala munthu amene anasindikiza za nkhani yomweyi chaka chatha. Ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu yosungira zolembedwa za ena monga Zotero kapena Mendeley, manambala a m'mawu ndi mndandanda zimasintha zokha mukachotsa china. Ngati mumalemba pamanja, yembekezerani kupeza ana amasiye, mayina otsala pa mndandanda amene m'pepala simukuwatchulanso.

Gawo la kutanthauzira liyambe ndi chiganizo chanu chija, osati kubwereza zolinga. Kenako chiikeni pafupi ndi kafukufuku wina atatu kapena anayi amene akugwirizana nanu kapena kukutsutsani, ndipo pamene mwasiyana yesani kufotokoza chifukwa. Mu chaputala muli ndime zambiri za mtundu wa "izi zikufanana ndi zimene anapeza uje, komanso uje, komanso uje". Kuitana mayina kotereku sikuwonjezera kanthu.

Malo ambiri apite ku mafunso amene wounika adzafunse, muwayankhe asanawafunse. Loyamba ndi la mnzanu wa pa tiyi uja: mwina si tsiku lolembedwa limene limabweretsa mayi, mwina mayi amene amabwera kusikelo mwezi ndi mwezi ndi amene amapeza mwayi wolembedwa tsiku, ndipo akanabwera ndithu ngakhale popanda tsikulo. Kafukufuku wanu anajambula zinthu pa nthawi imodzi, choncho sangathe kulekanitsa ziwirizi. Mawu akuti "chimachititsa" amene ali paliponse m'chaputalamo asanduke "chikuyenda limodzi ndi". Lachiwiri ndi la ana 37 opanda buku: n'kutheka kuti ambiri mwa iwo ndi omwe sanalandire, ndiye kuti chiwerengero chanu cha olandira chakwera kuposa m'mene zilili. Nenani choncho, ndipo nenani mbali imene cholakwikacho chikukankhira zotsatira. Lachitatu ndi loti amayi munawapeza pachipatala, kutanthauza kuti amene anasiyiratu kubwera simunawaone. Ndime ya zofooka yolembedwa motere imalimbitsa pepala. Yongoti "nthawi ndi ndalama zinachepa" ichoke, chifukwa siiuza wowerenga chilichonse za zotsatira.

Mapempho anu khumi ndi limodzi a kumapeto, opita ku unduna, kwa mafumu, ku mipingo ndi ku mabungwe, atsalenso. Umboni wanu ukunyamula limodzi lokha: kuti kulemba tsiku lobwerera kuyesedwe mwadongosolo, zipatala zina zikulemba mosadumpha, zina zikuchita monga mwa masiku onse, kuti zioneke ngati kusiyanako n'koona.

Mukamaliza kulemba, mudzakhala mutakoperako ziganizo zina kuchokera mu thesisi, ndipo zimabwera ndi fungo lake. Mkonzi amalimva pa tsamba loyamba. Popeza pepalalo lili m'Chingerezi, dinani Ctrl+F mufufuze mawu awa limodzilimodzi:

```
chapter
section 3.
Table 4.
Appendix
the researcher
will be
as mentioned earlier
```

Lililonse mwa amenewa likuloza chinthu chimene m'pepala mulibe, kapena ndi chotsalira cha pulani imene munalemba kafukufuku asanachitike, pamene zonse zinali za m'tsogolo. Onaninso zidule za mayina: mu thesisi zinamasuliridwa pa tsamba lake lapadera kumayambiriro, ndipo tsambalo silinabwere nawo. Chidule cha pamwamba, chimene magazini ambiri amachiika pa mawu pafupifupi 250, chilembeni pomaliza penipeni, kenako mutenge pensulo muyerekeze nambala iliyonse ya mmenemo ndi ya m'matebulo. Pamenepa ndi pamene 412 amakonda kubwereranso m'malo mwa 375. Mutu wa pepala nawonso usakhale wa thesisi. Utchule katemera wachiwiri, tsiku lobwerera, malo ndi mtundu wa kafukufuku.

Zatsala nkhani za anthu, zimene zimadanitsa kuposa za mawu. Kambiranani ndi asupavaiza anu za mayina a olemba panopa, musanalembe, osati usiku woti mawa mutumiza. Magazini ambiri a zaumoyo amatsata mfundo zinayi za ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala, ndipo munthu ayenera kukwaniritsa zonse: anathandiza kwenikweni pokonza kafukufuku kapena posonkhanitsa, kusanthula kapena kutanthauzira zopezeka, analemba nawo kapena kuunika mozama zolembedwazo, wavomereza pepala lomaliza, ndipo wavomera kuyankhapo pakabuka mafunso. Pa pepala lochokera mu thesisi yanu, mwachizolowezi dzina loyamba ndi lanu. Amene anangokupatsani galimoto kapena kusaina kalata yolowera pachipatala athokozedwe m'gawo la kuthokoza. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kumuuza wamkulu zimenezi n'kovuta, n'chifukwa chake ndimalangiza kutumiza mfundo zinayizo kwa onse koyambirira, zilankhule zokha.

Ngati thesisi yanu ili kale pa intaneti m'nkhokwe ya yunivesite, pulogalamu yofufuza kufanana kwa mawu, monga iThenticate imene magazini ambiri amagwiritsa ntchito, idzaipeza. Magazini ambiri saona thesisi ngati chinthu chosindikizidwa kale, koma amafuna kuuzidwa. M'kalata yoperekeza pepala lembani chiganizo chimodzi chonena kuti ntchitoyi yachokera mu thesisi yanu ya masitazi, mutchule yunivesite ndi chaka. M'kalata yomweyo munene kuti pepalali simunalitumize kwina, ndipo zikhaledi choncho: magazini imodzi pa nthawi imodzi, ngakhale yankho lichedwe miyezi.

Nanga mawu 9,000 ndi kanthu amene atsala aja? Ambiri agwira kale ntchito yawo, anakupatsani digiri. Koma macheza anu ndi alangizi a zaumoyo ndi pepala lachiwiri loona, chifukwa funso lake ndi lina, anthu ake ndi ena, njira yake ndi ina, ndipo mndandanda wake ndi COREQ wa mfundo 32, osati STROBE. Polilemba mudzatchule pepala loyambali poyera. Chimene sindingakulangizeni n'kutenga amayi 375 omwewa, masamu omwewa, n'kutulutsamo pepala la mtunda, lina la maphunziro, lina la msinkhu. Akonzi amakuzindikira kubenthula kotereku ndipo amakukana. Matebulo anayi a zimene amayi akudziwa aja, kunena mosabisa, sindikuonamo pepala. Mafunso ake sanayesedwe mokwanira, ndipo pafupifupi aliyense anayankha bwino.

Musanditumizire pepala lathunthu. Sabata ino nditumizireni tsamba limodzi lokha, pamwamba chiganizo chija m'mawu anuanu, pansi pake Tebulo 2 ndi chithunzi cha mabokosi. Pa Tebulo 2 muonetsetse kuti mzere wa mtunda ulipo, ndipo pansi pake mulembe zinthu zonse zimene munaziganizira m'masamu omaliza.